Nambala puleti yakumbuyo yasowa: ndiyambire kupolisi kapena kwa odinda?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'mawa uno pamene ndimatsegula buti ndapeza kuti nambala puleti yakumbuyo palibe. Yakutsogolo ili bwinobwino. Mlamu wanga akuti ndisavutike, ndingopita kwa anthu olemba zikwangwani andidindire ina yofanana nayo, poti nambalayo ndi yanga ndithu ndipo mapepala onse ndili nawo. Koma mnzanga wa kuntchito akuti ndisayerekeze, ndiyambe ndakanena kupolisi. Ine galimotoyi ndimayendera tsiku lililonse, ndiye ndikufuna njira yachidule koma yosandiika m'mavuto. Amene zinakuchitikiranipo munatani?

Gondwe wa pagalaja: Pepani mayi. Musanapite kulikonse, bwererani kugalimotoko mukayang'ane pamene panali puletipo. Mutiuze zinthu ziwiri: masikuluwu alipo kapena achoka? Ndipo ngati alipo, pamitu yake pali tizidutswa ta puleti totsalira?

Nachisale: Ndapitanso kukaona. Masikuluwu onse awiri palibe. Mabowo ali oyera, penti sinakandike, ndipo kachitsulo kamene puleti imatsamirapo sikanapindike.

Gondwe wa pagalaja: Ndiye ine ndikuona ngati yachita kumasulidwa ndi munthu. Puleti ikamagwa yokha imasiya umboni. Kawirikawiri masikuluwu amatsala m'mabowo mwake, ndipo puletiyo imang'ambikira pamabowo, moti mumapeza tizidutswa ta aluminiyamu kapena pulasitiki titapanikizika pansi pa mutu wa sikuluwu. Ikakhala yomata ndi tepi, mumapeza tepi itatsalira pa bodi, mbali ina itadzaza fumbi chifukwa inayamba kale kumatuka. Sikuluwu imatha kumasuka yokha ndi kugwedezeka kwa galimoto, zoona, koma imayamba imodzi. Puleti imapendekeka, imalira kwetekwete kwa masiku angapo, ndipo imakanda penti mozungulira sikuluwu yotsalayo. Kuti onse awiri achoke usiku umodzi osasiya ngakhale kukandika, pamenepo panafika dzanja ndi sikuludiraiva. Jambulani zithunzi pamalopo musanakhudze chilichonse.

Yamie: Anti, musapanikizike. Tengani katoni yolimba, mulembe nambala yanu ndi maka yakuda zilembo zazikulu, muike pagalasi lakumbuyo. Apolisi akakuimitsani mukawauza kuti yasowa amamvetsa. Chofunika n'chakuti nambala izioneka basi.

Bambo Mbewe: Yamie mwanawe, pakuti nambala izioneka wanena zoona, koma katoni si nambala puleti pamaso pa lamulo. Wapolisi wina akhoza kukumvera chisoni, wina akulembera chindapusa, ndipo wachiwiriyo sanalakwitse. Koma vuto lalikulu la a Nachisale si chindapusa.

Mayi, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri yoyang'anira mapepala a magalimoto a kampani, ndipo nkhani ngati iyi ndinakumana nayo kangapo. Munthu wakuba puleti safuna aluminiyamu wake, amene sangamugulire kanthu. Akufuna dzina la galimoto yanu. Aimangirira pa galimoto ina, nthawi zambiri ya mtundu ndi maonekedwe ofanana ndi yanuyo, kuti wapolisi kapena kamera akafufuza nambalayo m'kaundula apeze kuti zikugwirizana. Kenako galimotoyo ikathira mafuta n'kuthawa osalipira, ikagunda munthu, kapena ikanyamula katundu wakuba, mboni zimalemba nambala, ndipo kaundula amaloza pakhomo panu.

Ndiye chinthu choyamba n'kupita kupolisi lero lomwe. Chimene mukukafuna kumeneko si kuti akupezereni puletiyo, mwina siidzapezeka n'komwe. Mukukafuna pepala lokhala ndi tsiku ndi nthawi imene mwanena, nambala ya nkhaniyo ndi chidindo. Chilichonse chochitika ndi nambala yanu kuyambira nthawi imeneyo kupita m'tsogolo, pepalalo likuimirani. Mukachedwa sabata imodzi, zonse zochitika m'sabata imeneyo mudzayenera kuzifotokoza nokha ndi pakamwa.

Nachisale: Bambo Mbewe, mwandiopsa koma zikomo. Nanga ndikanene kuti yabedwa kapena yatayika? Sindinaone munthu akumasula.

Bambo Mbewe: Mukanene zimene mwaona, osaonjeza osachotsa. Muwauze nthawi yomaliza imene mukutsimikiza kuti inalipo, kumene galimoto inagona, nthawi imene mwazindikira, ndipo muwaonetse zithunzi zimene a Gondwe akuuzani. Munene kuti masikuluwu onse achoka ndipo mukukayikira kuti yabedwa. Pempho langa n'lakuti muwerenge pepalalo musanachoke pa kauntala. Onetsetsani kuti nambala yalembedwa molondola chilembo ndi chilembo, kuti alemba kuti ndi yakumbuyo yokha, komanso kuti mawu akuti mukukayikira kuba alowamo. Ndinaonapo lipoti limene 0 anailemba ngati O, ndipo mwini wake anabwezedwa ku ofesi yolembetsa magalimoto kuti akakonzetse. Pa nthawi yomaliza imene munaiona, ngati muli ndi chithunzi chilichonse cha galimotoyo cha masiku apitawa, chikuthandizani kuchepetsa mpata wosadziwikawo.

Mayi a Dalitso: Inenso yanga inatayika chaka chatha pamodzi ndi kachikwama. Anandijambulanso chithunzi ndi kunditenga zidindo za zala, kenako anandipatsa pepala loyendera podikira yeniyeniyo. Musaiwale chiphaso cha unzika mayi.

Gondwe wa pagalaja: Mayi a Dalitso, inu mukunena za laisensi yoyendetsera. Apa tikukamba kachitsulo ka nambala ka kumbuyo kwa galimoto.

Mayi a Dalitso: Oo, chabwino. Koma poti tili pomwepo ndifunseko. Yathu yakutsogolo yafufutika ndi dzuwa, zilembo zatuwa ndipo kapepala konyezimira kayamba kusupuka m'mbali. Bambo a kunyumba akuti agula penti yakuda adutsitsemo ndi kaburashi. Pali cholakwika?

Bambo Mbewe: Tibwerako mayi, funso lanu ndi labwino. Ndimalize kaye za a Nachisale.

Mukatenga pepala la kupolisi, ulendo wachiwiri ndi wa ku ofesi imene imalembetsa magalimoto, osati kwa odinda. Mutenge bulubuku, chiphaso chanu, pepala la kupolisi, ndipo ngati galimoto ili m'dzina la kampani kapena la munthu wina, kalata yochokera kwa mwini wakeyo. Ngati munagula pa ngongole ndipo bulubuku ili kwa okongoza, muyambe mwawaimbira iwowo. Kumeneko ndi kumene amakuuzani ngati mupitirize ndi nambala yomweyo kapena akupatsani ina, ndipo pamenepa maiko amasiyana kwambiri. Ku Jeremani puleti ikasowa, ngakhale imodzi, nambala yonseyo amaitseka kwa zaka 10 ndipo galimoto imapatsidwa nambala yatsopano, mapepala n'kusinthidwa. Ku Mangalande nthawi zambiri nambala imakhala yomweyo, mumangopita kwa wodinda wolembetsedwa ndi boma, ndipo iye saloledwa kukudindirani musanamuonetse chiphaso chanu ndi pepala lotsimikiza kuti nambalayo ndi yanu. Choncho musatengere zimene wina anachita kudziko lina. Funsani ofesi ya kumene galimoto yanu inalembetsedwa, ndipo mufunsenso ngati akufuna kuti mubweze puleti yotsalayo, chifukwa kumene amasintha nambala amaifuna.

Pomaliza muwadziwitse a inshuwalansi. Nambala ikasintha, pepala lawo liyenera kusintha, pamodzi ndi zomata za pagalasi zimene zili ndi nambala yakale. Ngakhale isasinthe, ndi bwino adziwe, kuti wina akadzabwera ndi dandaulo la ngozi imene simunachite asadzayambe ndi kukukayikirani.

Yamie: Koma bambo, ngati nambala ili yomweyo, pali kusiyana kotani pakati pa puleti ya kwa wodinda wovomerezeka ndi ya kwa wolemba zikwangwani? Zilembo ndi zomwezo, galimoto ndi yawo. Sakunamiza munthu. Yabodza ndi ija yokhala ndi nambala ya galimoto ina.

Bambo Mbewe: Theka la zimene wanenazo ndi zoona. Kuika nambala ya galimoto ina, kapena nambala yopeka, ndi mlandu waukulu chifukwa ndi chinyengo, ndipo ukhoza kufika kukhoti galimoto itagwidwa. Kuika nambala yako yeniyeni pa puleti yosavomerezeka ndi mlandu wocheperapo, koma ndi mlandu ndithu m'malo ambiri. Lamulo silinena nambala yokha. Limanena kukula kwa puleti, mtundu wa pansi ndi wa zilembo, kalembedwe ka zilembo, mpata pakati pake, ndi kunyezimira. Ku Mangalande, mwachitsanzo, zilembo za pa galimoto ziyenera kutalika mamilimita 79, puleti yakutsogolo yoyera, yakumbuyo yachikasu, ndipo dzina la wodinda limalembedwa m'munsi. Maiko ena amaonjeza chizindikiro chosatheka kukopera kapena nambala yaing'ono ya puletiyo payokha, kuti adziwe amene anaidinda.

Taganiza za wapolisi amene waimitsa a Nachisale sabata yamawa. Mu kaundula mwalembedwa kuti puleti ya nambalayi inabedwa. Akuyang'ana kumbuyo, akupeza puleti ya zilembo zachilendo yopanda chizindikiro cha wodinda. Adziwa bwanji kuti iyi ndiye galimoto yeniyeni osati ya wakubayo? Puleti ya m'njira imachititsa mwini weniweni kuoneka ngati iyeyo ndiye wokopera.

Che Juma: Ndilowepo ine wa mathiraki. Ife odutsa m'malire timaphunzitsidwa za Pangano la ku Viyena la 1968 la kayendedwe ka pamsewu. Limanena kuti galimoto yoyenda m'maiko ena iyenera kuonetsa nambala kutsogolo ndi kumbuyo, njinga yamoto kumbuyo kokha, ndipo ngolo yokokedwa nayonso ikhale ndi nambala kumbuyo kwake. Nambalayo iyenera kuwerengeka masana munthu ataima mamita 40 kuchokera pa galimoto yoima. Puleti ikhale yoimirira, yoyang'ana kumbuyo kapena kutsogolo mwachindunji, osati yopendekera kumwamba kapena kumbali. Ndiye katoni ya Yamie yoika pagalasi lakumbuyo ikulephera pa zonsezi: galasi ndi lopendekeka, limanyezimira ndi dzuwa, ndipo usiku kulibe nyali yoiwalitsa. Si dziko lililonse linasaina panganoli, koma malamulo a maiko ambiri amayenda mzere womwewo. Mayi a Dalitso, yesani zimenezi: imikani galimoto, muyende mapazi aakulu 50, mutembenuke. Ngati munthu amene saidziwa nambalayo pamtima sangaiwerenge, puleti yatha ntchito.

Gondwe wa pagalaja: Ndipo penti siyithandiza mayi. Puleti yeniyeni ili ndi kapepala kokhala ndi timikanda tagalasi tating'onoting'ono kapena timakona tobweza kuwala, ndipo kamabwezera kuwala komwe kwachokera. Ndiye chifukwa chake nyali zanu zikaunika galimoto yoima mumdima, puleti imayaka ngati ili ndi babu. Kapepalako kakayamba kusupuka, madzi amalowa pansi pake, pamachita mawanga otuwa, ndipo palibe penti ingabwezeretse. Yesani usiku: gwirani tochi pafupi ndi diso lanu, muunike muli chapatali pang'ono. Pamene pali pabwino pawala kwambiri, pamene pafa paoneka pakuda. Njira yomweyi imagwiranso puleti zambiri zabodza, chifukwa zopaka penti wamba siziwala konse. Komanso dzanja likamadutsitsa burashi limanenepetsa zilembo, 3 n'kuyamba kuoneka ngati 8, ndipo wapolisi akhoza kunena kuti mwasintha nambala mwadala. Kadinditseni ina. Ubwino wanu ndi wakuti yakaleyo muli nayo m'manja, ndiye nthawi zambiri sipafunika za kupolisi, mumangoipereka kapena kuionetsa.

Bambo Mbewe: Za 3 ndi 8 zimenezo si nkhambakamwa. Ku Jeremani anachita kupanga kalembedwe kapadera kotchedwa FE-Schrift, kamene kanakhala kokakamiza pa puleti zatsopano m'chaka cha 2000. Zilembo zake anazipanga mosiyana dala, kuti munthu asathe kusandutsa P kukhala R, kapena 3 kukhala 8, ndi kachidutswa ka tepi yakuda. Maiko ena angapo anatengera kalembedwe komweko. Ndiye pamene lamulo likuletsa zilembo zokongoletsa kapena zopendekeka, chifukwa chake n'chimenecho, komanso kuti makamera owerenga nambala anaphunzitsidwa zilembo za mtundu umodzi.

Kondwani T.: Ine ndikufuna kutsindika zimene a Mbewe anena, koma kwa ine puleti sizinabedwe n'komwe. Zonse ziwiri zinali pa galimoto. Ndinangolandira kalata ya chindapusa chothamanga kwambiri pamsewu umene sindinayendepo. Poyamba ndinaganiza kuti alakwitsa kulemba. Itabwera yachiwiri ndinapita kukapempha chithunzi cha kamera. Galimoto inali ya mtundu wanga, yoyera ngati yanga, nambala yanga. Koma inali ndi zitsulo zonyamulira katundu padenga, zimene yanga ilibe, ndipo malimu ake anali ena. Mpata wa pakati pa zilembo ndi manambala unalinso wopapatiza kuposa wa puleti yanga.

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti tsiku la chindapusa chachiwiri galimoto yanga inali pagalaja itachotsedwa giyabokosi, ndipo risiti inali ndi tsiku komanso nambala. Ndinajambula galimoto yanga mbali zonse zinayi, ndinatenga risiti ija, ndinakanena kupolisi, kenako ndinalemba kalata yokana zindapusazo nditaphatikiza zonsezi. Anazichotsa, koma zinatenga nthawi ndi maulendo. Ndikukhulupirira kuti nambala anaitenga pa zithunzi zimene ndinaika pa intaneti pamene ndinkafuna kuigulitsa. Langizo langa kwa a Nachisale: musalipire chindapusa chimene si chanu pofuna kuti nkhani ithe msanga. Mukalipira mwavomera kuti munali inuyo, ndipo zotsatira zake zidzakhala zovuta kukana.

Yamie: Ndiye achimwene, bwanji osangoika kapulasitiki kakuda kaja pamwamba pa puleti, kapena sipuleyi ija amati kamera siiona? Palibe angakukopere nambala kapena kukutumizira kalata.

Che Juma: Ayi mphwanga. Chilichonse chophimba puleti, kaya kapulasitiki kodera, sipuleyi, felemu yodya m'mphepete mwa zilembo, mpira wokokera ngolo woima patsogolo pa nambala, njinga zopachika kumbuyo, ngakhale matope amene wawasiya dala, chimakulowetsa mu mlandu wobisa nambala. Komanso sichikuteteza kwa wokopera, poti iye amawerenga ndi maso pamalo oimika magalimoto. Ife timapukuta puleti ndi magalasi a nyali nthawi iliyonse tikaima nyengo ya mvula, ndipo timayang'ana kababu ka pamwamba pa puleti yakumbuyo. Kababu kameneka anthu amakaiwala chifukwa woyendetsa sakaona, koma kakafa usiku nambala siioneka, ndipo n'chifukwa chokwanira kukuimitsa.

Nachisale: Ndabwerako kupolisi, pepala ndatenga, ndipo ndaliwerenga monga munanenera Bambo Mbewe. Ndinapita pa basi. Koma tsopano ku ofesi yolembetsa andiuza pa foni kuti mwina afuna kuona galimoto yeniyeniyo kuti ayerekeze nambala ya chasisi ndi ya mu bulubuku. Ndiifikitsa bwanji kumeneko yopanda puleti kumbuyo? Ndimasule yakutsogolo ndiike kumbuyo?

Gondwe wa pagalaja: Ine ndikanatero. Kumbuyo ndiye kofunika kwambiri. Pali madera ena ku Amereka kumene galimoto imayenda ndi puleti yakumbuyo yokha, koma sindinamvepo kumene amalola yakutsogolo yokha. Ndi pepala la kupolisi m'manja, ulendo umodzi wolunjika ku ofesi, masana, sindikuona wapolisi wokukanizani.

Bambo Mbewe: Apa a Gondwe sindikugwirizana nanu. Kumene lamulo likufuna puleti ziwiri, kusamutsa imodzi sikuchotsa mlandu, kumangousamutsira kutsogolo. Ndipo kumene yakutsogolo ndi yakumbuyo zili za mitundu yosiyana, mwaonjezera cholakwika china. Chinanso, pepala la kupolisi ndi umboni wakuti munanena za kusowako, si chilolezo choyendera pamsewu. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Mayi, imbaninso ku ofesiko mufunse mwachindunji: kodi pali chilolezo chongoyembekezera choti ndibweretsere galimoto? Maofesi ambiri ali nacho, china chimakhala pepala lomata pagalasi, china puleti yongobwereka. Ngati palibe, funsani ngati mungayambe mwapita ndi mapepala okha, kapena muinyamule pa galimoto yonyamula zinzake.

Gondwe wa pagalaja: Kunyamula galimoto yabwinobwino chifukwa cha masikuluwu awiri, bambo? Si aliyense angakwanitse. Pa lamulo mukhoza kukhala kuti mukulondola, koma pamsewu zimene ndaona ine n'zakuti munthu wokhala ndi lipoti la tsiku lomwelo amamulola kudutsa.

Bambo Mbewe: Amamulola ambiri, sindikukana. Koma ndi chisomo cha wapolisiyo, osati ufulu wa woyendetsa. Ndipo pakachitika ngozi pa ulendo umenewo, mafunso amachuluka. A Nachisale asankhe okha atadziwa zonse ziwiri.

Che Juma: Ine ndili pakati. Kwa ulendo wa m'tauni momwemo ndikanamvera a Gondwe nditayamba ndaimba foni ku ofesi. Koma kudutsa malire a dziko ndi puleti imodzi musayese. Mnzanga anataya puleti ya ngolo m'njira, inathyoka ndi kugwedezeka, ndipo pachipata anamuimika mpaka abwana ake atatumiza mapepala, chifukwa a kasitomu amayerekeza nambala ya pa ngolo ndi ya pa mapepala a katundu.

Mayi a Dalitso: Nanga nambala ya chasisi imene akuifunayo imakhala pati? Ine ndimaganiza kuti ndi yomweyo ya pa puleti.

Bambo Mbewe: Ayi mayi, ndi ziwiri zosiyana, ndipo pa nkhani ya puleti zabodza ya chasisi ndiyo imaweruza. Puleti imapatsidwa ndi boma ndipo imatha kusintha. Ya chasisi imadindidwa ku fakitale pa chitsulo cha galimoto, ndipo imakhala nayo mpaka kuphwasulidwa. Pa mapepala ambiri imalembedwa kuti VIN, ndipo imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Mulibe I, O kapena Q, kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0. Mukaona chimodzi mwa zitatuzi mu VIN ya zilembo 17, wina walakwitsa kulemba kapena pali chinyengo. Koma magalimoto opangidwira msika wa m'dziko la Japani amakhala ndi nambala yaifupi, yoyamba ndi zilembo za mtundu wa galimoto, kenako kamzere, kenako manambala, ndiye musadabwe yanu ikapanda kukwana 17.

Muiyang'ane m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pa mzati wa chitseko, mu boneti pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, kapena pansi pafupi ndi mpando wakutsogolo, malinga ndi mtundu wa galimoto. Wakuba puleti ya a Nachisale akhoza kufananitsa mtundu ndi maonekedwe, koma wapolisi akatsegula boneti n'kuyerekeza ndi kaundula, bodza limathera pomwepo. N'chifukwa chake pogula galimoto yakale musakhutire poona kuti puleti ikufanana ndi bulubuku. Yerekezani chasisi pa malo onse amene yalembedwa, ndipo muyang'ane ngati pozungulira pake pali zizindikiro za kuwotcherera, kupala kapena penti yatsopano.

Kondwani T.: Chinanso choti anthu adziwe: akuba ena sasiya pamalo popanda kanthu. Amachotsa yanu n'kumangirirapo ina, kuti musazindikire msanga. Ambirife sitiwerenga puleti zathu, timangoona kuti chilipo chinthu. Munthu amatha kuyenda milungu ndi nambala ya galimoto yobedwa osadziwa, mpaka pa lodibuloko.

Gondwe wa pagalaja: Zoona. Ndipo mukalandira yatsopano mayi, samalani pomangirira. Osamanga ndi waya kapena tizingwe tapulasitiki. Gulani masikuluwu olowera kumodzi, aja mutu wake umalola kumanga koma sikuludiraiva imaterereka pomasula, kapena muikitse maliveti ngati lamulo la kwanuko likulola. Wakuba wofulumira amasiya n'kupita pa galimoto ina. Poboola, bowo lisagwere pa chilembo kapena pafupi nacho, chifukwa mutu wa sikuluwu umasintha maonekedwe a nambala, ndipo ngati pali tizivundikiro ta pamitu, tikhale ta mtundu wofanana ndi pamene tagwerapo. Ikani kawashala ka labala kumbuyo kuti puleti isamagwedezeke, poti kugwedezekako ndi kumene kumang'amba mabowo. Ndipo yakutsogolo musinthiretu masikuluwu ake tsiku lomwelo.

Yamie: Nanga yakale ija ikadzapezeka? Tinene kuti wina waitola m'ngalande n'kubweretsa.

Bambo Mbewe: Ngati anapatsidwa nambala yatsopano, yakaleyo yafa, sangaibwezeretse pa galimoto. Aipereke ku ofesi kapena kupolisi. Ngati nambala ndi yomweyo, akauze apolisi kuti yapezeka, kuti nkhani ija itsekedwe m'kaundula, apo ayi aziimitsidwa ngati galimoto yokayikitsa. Chimene sayenera kuchita ndi kuitaya kudzala ili yathunthu kapena kuipachika pakhoma la galaja pamene aliyense angaitenge.

Kondwani T.: Koma ine pa nkhani yosunga nambala yomweyo ndili ndi maganizo ena. Ngati ofesi ikupatsa mwayi wosankha, a Nachisale apemphe yatsopano. Puleti yawo ili m'manja mwa munthu amene anaimasula mwadala. Kusunga nambalayo ndi kukhala ukudikira kalata yotsatira, ndipo kamera iliyonse yowerenga nambala izikuimitsa iwe mwini chifukwa cha chizindikiro cha kuba chija.

Bambo Mbewe: Zili ndi mbali ziwiri a Kondwani. Nambala yatsopano imatanthauza kudinditsa puleti ziwiri m'malo mwa imodzi, kusintha bulubuku, inshuwalansi, zomata za pagalasi, ndi chilolezo chilichonse cholembedwa nambala yakale, monga cha malo oimikapo kuntchito. Pogulitsa galimoto, wogula adzafunsanso chifukwa chake nambala inasintha, ndiye pepala la kupolisi lija lisungidwe bwino. Puleti ikakhala kuti inagwa m'madzi powoloka kapena inathyoka pa ngozi, ine sindingasinthe nambala. Pa nkhani ya masikuluwu omasulidwa bwinobwino ngati iyi, ndikupendekera kwa inu, koma si ofesi iliyonse imalola kusintha chifukwa chongokayikira. Ena amafuna umboni wakuti nambalayo yagwiritsidwadi ntchito molakwika, monga zithunzi zimene inu munali nazo.

Che Juma: Kwa ife a magalimoto a malonda kusintha nambala ndi nkhani yaikulu kuposa pamenepo, chifukwa zilolezo zodutsira m'malire zonse zimalembedwa nambala imeneyo, ndipo thiraki imaima mpaka zonse zitasinthidwa. Abwana anga sangavomere pokhapokha apolisi atalamula. Koma ya munthu payekha ngati ya mayiwa, mwina a Kondwani akunena zoona. A Gondwe, masikuluwu olowera kumodzi aja amagwira pa bampala ya pulasitiki, kapena mpaka pakhale chitsulo kumbuyo?

Gondwe wa pagalaja: Amagwira, koma pa pulasitiki yokha munthu akakoka mwamphamvu amazuka ndi bowo lomwe. Ine ndimaika kachitsulo kopyapyala kapena washala wamkulu kuseri kwa bampala, sikuluwu n'kudutsa zonse ziwiri. Pa chitseko cha buti mumakhala kale timanati tolowetsamo, ndiye muyeze kaye kunenepa kwa sikuluwu yakale musanagule, kuti musawononge mazinga ake.